Vidiyo ya MKV ikakana kusewera pa tivi

 Nkhani yalero ikukhudza achimwene ndi achemwali obena nyimbo ndi mafilimu m'misika, ojambula maukwati ndi zinkhoswe, ndi achinyamata amene amagwira laputopu ya kutchalitchi Lamulungu. Ngati cholembera chili pafupi chitengeni, chifukwa pali mizere ingapo yoti muilembe.

Vuto lake mukulidziwa. Kasitomala wabwera ndi fulashi, mwamuikira vidiyo ya ukwati wa mlongo wake. Pa kompyuta yanu yasewera bwinobwino. Mawa m'mawa uyo wabweranso nkhope itagwa, akuti wailowetsa pa tivi yakunyumba, abale atasonkhana, koma tiviyo yakana, kapena dzina la fayiloyo silikuoneka n'komwe. Mukayang'ana kumapeto kwa dzinalo mukupeza zilembo zitatu, MKV.

Apa ambiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amangofufuta zilembo zitatuzo n'kulembapo MP4. Kumeneko n'kudzinamiza, chifukwa mwasintha dzina lokha, kaikidwe ka zam'kati sikanasinthe. Pulogalamu ngati VLC iisewerabe, pakuti iyo imayang'ana m'kati osati dzina, ndiye inu muganiza kuti zatheka, koma tivi imene inakana dzulo ikananso lero. Ena amatsegula pulogalamu yosinthira mavidiyo, n'kudina batani, n'kukhala pansi kudikira maola awiri, laputopu ikutentha, fani ikulira, mtima uli m'mwamba kuti magetsi angathime ntchito ili pakati. Njira yachiwiriyi imagwira ntchito ndithu. Koma nthawi zambiri imakhala yosafunika, ndipo chithunzi chimatuluka chitatsikako pang'ono.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tipite kufakitale ya tiyi. Tiyi akafota, akadulidwa, akauma ndi kusefedwa, amaikidwa m'matumba akuluakulu opita kumsika wa ku Limbe. Tiyi yemweyo akhoza kuikidwa m'timapaketi togulitsa m'golosale. Munthu akakuuzani kuti sakufuna thumba koma paketi, simubwezera tiyiyo m'makina kuti akayambirenso. Mumangomasula thumba n'kuthira m'paketi. MKV ndi MP4 ndi zotengera chabe ngati zimenezo. M'kati mwa chilichonse muli chithunzi pachokha, mawu paokha, nthawi zina ndi malemba aja oyenda m'munsi mwa sikirini. Chithunzi ndi mawuwo zinapanikizidwa kale kuti zichepe, ndipo njira imene zinapanikizidwira ndi imene amaitcha kodeki. Kodeki ya chithunzi yofala kwambiri ndi H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003, ndipo ya mawu yofala ndi AAC. Ziwirizi zimakhala bwino m'MKV, zimakhalanso bwino m'MP4. Choncho ngati tivi yanu imadziwa H.264 ndi AAC koma sidziwa kutsegula MKV, chofunika n'kusamutsa basi.

Wina afunsa kuti nanga MKV imeneyi ikuchokera kuti, bwanji anthu osangoisiya? Dzina lake lonse ndi Matroska, ndipo anaiyambitsa mu Disembala 2002 ndi Mfalansa wina, Steve Lhomme, ndi anzake. Ndi yaulere, ndipo imalola pafupifupi chilichonse: zilankhulo zingapo m'fayilo imodzi, malemba amitundumitundu, kodeki iliyonse. MP4 inachokera ku QuickTime ya kampani ya Apple, n'kukhala muyezo wa dziko lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Imasankha zolowamo, koma pafupifupi foni ndi tivi iliyonse imaidziwa.

Pali chinthu chimodzi chimene MKV imaposera MP4, ndipo kwa ife kuno n'chachikulu. MP4 yanthawi zonse imalemba kalozera wake kumapeto, kujambula kukatha. Kalozerayo ndi amene amauza tivi kuti chithunzi chakuti chili pakuti, mawu ake ali pakuti. Magetsi akathima kujambula kusanathe, kalozerayo salembedwa, ndipo fayilo yonse imakana kutseguka ngakhale ikuoneka yaikulu. Mukaiyesa mumalandira uthenga wakuti `moov atom not found`. MKV imalemba m'zigawozigawo, moti ikadukira pakati, zimene zinajambulidwa kufika pamenepo zimatsala. N'chifukwa chake ojambula mapemphero ndi pulogalamu ya OBS Studio amalangizidwa kujambulira m'MKV. Ine ndinganene kuti kwa munthu wojambula ku Thyolo nthawi ya dzinja, mphezi zikung'anima, imeneyi ndi nzeru yabwino. Jambulani m'MKV, mukamaliza musamutsire m'MP4.

Chida chosamutsira ndi ffmpeg. Inayambitsidwa m'chaka cha 2000 ndi Fabrice Bellard, nayenso wa ku France, ndipo ndi yaulere. Mapulogalamu ambiri osinthira mavidiyo, ngakhale ena olipiritsa, amagwiritsa ntchito ffmpeg yomweyi mobisa, iwo angoikapo mabatani pamwamba. Mukapita pa `ffmpeg.org` mupeza pokatengera ya Windows. Imabwera m'zipi, ndipo mukaimasula, m'foda ya `bin` muli fayilo ya `ffmpeg.exe`. Sifunika intaneti kuti igwire ntchito, ndipo mmodzi akaitenga akhoza kugawira anzake onse a pamsika pa fulashi. Njira yosavuta poyambira ndi kukopera `ffmpeg.exe` m'foda momwe muli vidiyoyo. Kenaka dinani pamzere uja wa pamwamba posonyeza dzina la foda, lembanipo `cmd`, n'kudina Enter. Patseguka windo lakuda. Musaliope, likungodikira kuti mulembe.

Tiyerekeze kuti mwajambula ukwati muholo ya pa esiteti ina, maola 2, ndipo fayilo yatuluka ya 3 GB, dzina lake `ukwati.mkv`. Musanasinthe chilichonse, yambani mwasuzumira m'kati. Lembani motere:

```
ffmpeg -i ukwati.mkv
```

Ndibwereze. Mawu akuti ffmpeg, sipesi, kamzere kochotsera, chilembo i chaching'ono, sipesi, dzina la fayilo. Ngati dzinalo lili ndi mipata, mwachitsanzo ukwati wa achemwali, liikeni pakati pa zizindikiro zogwira mawu, apo ayi ffmpeg iganiza kuti ndi mafayilo atatu.

Padzatuluka zolemba zambiri, ndipo kumapeto kwake idzadandaula kuti `At least one output file must be specified`. Kumeneko si kulakwitsa, ikungonena kuti simunaiuze kopita. Inu fufuzani mizere yoyamba ndi mawu akuti `Stream`. Ikhoza kuoneka chonchi:

```
Stream #0:0: Video: h264 (High), yuv420p, 1280x720, 30 fps
Stream #0:1: Audio: aac (LC), 48000 Hz, stereo
```

Pamzere woyamba, pambuyo pa `Video`, mwaona `h264` ndi `yuv420p`. Pamzere wachiwiri, pambuyo pa `Audio`, mwaona `aac` ndi `stereo`. Mukaona zinayi zimenezi, dziwani kuti ntchito yanu ndi ya kanthawi kochepa. Lembani:

```
ffmpeg -i ukwati.mkv -c copy -movflags +faststart ukwati.mp4
```

Mtima wa mzere umenewu ndi `-c copy`. Mawu awiriwa akuuza ffmpeg kuti isamasule chithunzi, isachipanikizenso, ingonyamula tizigawo take mmene tilili n'kutiyala m'MP4. Mawu enawo, `-movflags +faststart`, akuuza ffmpeg kuti ikamaliza itenge kalozera uja wa kumapeto imuike kumayambiriro, kuti vidiyo ikaikidwa pa intaneti iziyamba kusewera isanatsike yonse. Zimawonjezera kanthawi pang'ono chifukwa fayilo imayalidwanso kachiwiri. Pa fulashi yopita pa tivi mukhoza kuwasiya, koma sapweteka kanthu.

Nanga zitenga nthawi yaitali bwanji? Popeza palibe kuwerengera kwa zithunzi, liwiro lake ndi la disiki, osati la ubongo wa kompyuta. Tiyerekeze kuti disiki ya laputopu yanu ikukopera 50 MB pa sekondi. Fayilo ya 3 GB ndi pafupifupi 3,000 MB, ndiye tikagawa tikupeza masekondi 60. Vidiyo ya maola 2 yatha m'mphindi imodzi. Laputopu yomweyo, mukaiuza kuti ipanikizenso chithunzi, ngati ndi yakale ikhoza kumayenda liwiro lofanana ndi la kuonera, kutanthauza maola 2 athunthu. Koma samalani apa. Mukalozetsa ffmpeg kuti ilembe mwachindunji pa fulashi yotchipa imene imalandira 5 MB pa sekondi, masamu omwewo akupatsani mphindi 10, ndipo mukaikaponso `+faststart` zitalikirapo. Malizani kaye pa disiki ya kompyuta, kenaka mukopere.

Pali njira yodziwira kuti ikukoperadi. Ikangoyamba imalemba `Stream mapping`, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse pamayenera kuoneka mawu akuti `copy`. Pamzere wapansi umene manambala ake akuthamanga pali `speed=`. Mukaona `80x` kapena `150x`, zili bwino. Mukaona `1.2x`, fani n'kuyamba kulira, ndiye kuti `-c copy` mwaiiwala, kapena mwailemba pambuyo pa dzina la fayilo yotuluka, malo amene siigwira ntchito. Dinani chilembo q, iime, mukonze mzerewo. Chizindikiro china ndi kukula kwa fayilo. MP4 yotulukayo iyenera kukhala pafupifupi 3 GB yomweyo. Ikatuluka 700 MB, chithunzi chapanikizidwanso, kapena ntchito inadukira panjira.

Ndipo izi zikutiuzanso malire oyamba a njirayi. Sichepetsa fayilo. Ngati cholinga chanu n'chakuti vidiyo ilowe pa memore khadi yaing'ono, kapena mutumizire achimwene ali ku Joni pa WhatsApp osamaliza bandulo, kukopera sikukuthandizani.

Tsopano tibwere pamene zimavuta, chifukwa si fayilo iliyonse imene imakhala yofatsa ngati ya ukwati ija. Vuto lofala kwambiri ndi ili: chithunzi chikuoneka pa tivi, anthu akuyasamula pakamwa, koma mawu zii. Bwererani pamzere uja wa `Audio`. Mwina mupeza `dts`, `eac3`, `flac` kapena `opus` m'malo mwa `aac`, mwinanso pambali pake palembedwa `5.1`, kutanthauza mawu okonzedwera masipika asanu ndi limodzi. Ena mwa amenewa ffmpeg imawalowetsa m'MP4 popanda kudandaula, koma tivi yotchipa siwadziwa. Apa musathamangire kupanikizanso zonse. Chithunzi chilibe mlandu, chisiyeni, mukonze mawu okha:

```
ffmpeg -i filimu.mkv -c:v copy -c:a aac -b:a 160k -ac 2 filimu.mp4
```

Chilembo v chikuimira chithunzi, chilembo a chikuimira mawu. Mzerewu ukunena kuti chithunzi chikopedwe mmene chilili, mawu asinthidwe akhale AAC, ndipo `-ac 2` akusonkhanitsa masipika onse aja kukhala awiri, lakumanja ndi lakumanzere. Mawu ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi chithunzi, moti ntchitoyi imatha m'mphindi zochepa. Mwa mizere yonse yalero, uwu ndi umene ndingakonde kuti muulembe pakhoma pafupi ndi kompyuta.

Vuto lina limabwera fayilo ikakhala ndi mawu amitundu iwiri. Tiyerekeze kuti pa ukwati paja wojambula analumikiza mawu awiri, ena a maikolofoni ya pa kamera, odzaza phokoso la muholo ndi nthungululu, ena ochokera pa mikisa ya wamkulu wa mwambo, omveka bwino. Kapena ndi filimu yokhala ndi Chingerezi ndi Chifalansa. Mukapanda kunena kanthu, ffmpeg imadzisankhira chithunzi chimodzi ndi mawu amodzi, ndipo kawirikawiri imatenga amene ali ndi masipika ambiri, akafanana imatenga oyamba. Enawo imawasiya osakufunsani. Kuti musankhe nokha pali `-map`:

```
ffmpeg -i ukwati.mkv -map 0:v:0 -map 0:a:1 -c copy ukwati.mp4
```

Chokhumudwitsa anthu apa n'chakuti ffmpeg imayamba kuwerenga pa 0. Ndiye `0:a:0` ndi mawu oyamba, `0:a:1` ndi achiwiri. Musanasankhe, tsegulani MKV ija mu VLC, mumvetsere onse awiri kuti mudziwe ofunikawo ndi ati. Ndikulangizani kuti pa fayilo yopita kwa kasitomala muikemo amodzi okha. Mukaika awiri, tivi zambiri zimangosewera oyamba, ndipo si aliyense adziwe batani losinthira pa rimoti.

Za malemba a m'munsi ndingodutsamo. Mzere wathu woyamba wa `-c copy` uja kawirikawiri umawasiya mwakachetechete. Mukafuna kunyamula zonse ndi `-map 0`, MP4 imakana, ndipo mumaona uthenga woyamba ndi `Could not find tag for codec subrip`. Mankhwala ake ndi kuwonjezera `-c:s mov_text` pambuyo pa `-c copy`, kuti malembawo asinthidwe akhale amtundu umene MP4 imalola, kapena `-sn` kuti muwataye dala. Malemba ena si malemba enieni koma tizithunzi, monga amene amaoneka ndi dzina la `hdmv_pgs_subtitle`, ndipo amenewo sasinthika mwanjira imeneyi.

Koma pali malo amene kukopera kumagonja kotheratu, ndipo ndi bwino muwadziwe kuti musataye nthawi. Ngati pamzere wa `Video` mwapeza `hevc`, imeneyo ndi H.265, kodeki ya mu 2013. Imachepetsa fayilo kwambiri, n'chifukwa chake mafilimu ambiri oyenda m'mafulashi masiku ano ndi amtunduwu. Mafoni atsopano amaisewera. Koma tivi yakale, kapena kamakina kaja ka DVD kokhala ndi polowetsa fulashi, siidziwa, kaya ili m'MKV kaya m'MP4. Chimodzimodzi mukaona `av1` kapena `vp9`. Palinso msampha wina wobisika: `h264` ilipo ndithu, koma pambali pake palembedwa `High 10` kapena `yuv420p10le`. Imeneyo tivi ndi mafoni ambiri amaikana, kapena amaonetsa mdima mawu akumveka. Chizindikiro chake n'chosavuta. Mawu alipo koma chithunzi palibe, vuto ndi kodeki ya chithunzi. Chithunzi chilipo koma mawu palibe, vuto ndi kodeki ya mawu. Fayilo sikuoneka n'komwe pamndandanda, kawirikawiri vuto ndi chotengera kapena fulashiyo.

Chithunzi chikakhala chamtundu umenewo, palibe kuchitira mwina, chiyenera kupanikizidwanso ndi `-c:v libx264 -pix_fmt yuv420p`, ndipo apo ndiye mukonzekere kudikira. Kasitomala muuzeni abwere mawa, ndipo mtengo wake usafanane ndi wa ntchito ya mphindi imodzi. Kupatula kumodzi ndi kwa anthu a iPhone. Mafoni amenewo amadziwa H.265, koma amafuna kachizindikiro kena m'MP4, ndiye pamzere wa `-c copy` mumangowonjezera `-tag:v hvc1`, chithunzi osachikhudza.

Tatchula fulashi, tiyeni timalize nayo. Mafulashi ambiri ang'onoang'ono amabwera atakonzedwa mwa FAT32, ndipo FAT32 silola fayilo imodzi kupitirira 4 GB. Ukwati wathu wa 3 GB ulowa. Koma wina akajambula kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani yense, fayilo n'kufika 6 GB, Windows ikana, kunena kuti fayiloyo yakula, ngakhale fulashiyo ili ya 32 GB yopanda kanthu. Mukhoza kuifomata kukhala exFAT kapena NTFS, koma tivi zina zakale zimawerenga FAT32 yokha. Njira yosakayikitsa ndi kudula vidiyoyo m'zigawo, ndipo nakonso kumatheka osapanikizanso:

```
ffmpeg -i ukwati.mkv -c copy -f segment -segment_time 3600 -reset_timestamps 1 gawo%d.mp4
```

Nambala ya 3600 ndi masekondi a mu ola limodzi. Mupeza `gawo0.mp4`, `gawo1.mp4`, mpaka vidiyo itatha. Musadabwe gawo likatuluka ndi masekondi angapo oonjezera. Vidiyo yopanikizidwa ili ndi zithunzi zathunthu mwa apo ndi apo, zotsalazo zimangosunga zimene zasintha kuchokera pa chinzake. Pokopera, ffmpeg imatha kudula pa chithunzi chathunthu pokha, ndiye imadikira chotsatira.

Kwa inu a OBS Studio, pulogalamuyo ili kale ndi njira yomweyi m'kati mwake. Pitani pa `File`, musankhe `Remux Recordings`, muloze MKV yanu. Ikuchita zomwezi za `-c copy`, kungoti siikupatsani mpata wokonza mawu kapena wodula zigawo.

MP4 ikatuluka, musaiyesere mu VLC pokha, chifukwa VLC imasewera pafupifupi chilichonse ndipo siikuuzani zimene tivi ya kasitomala ichite. Sungani pabenchi panu kativi kapena kafoni kakale koyesera. Ilowetseni mmenemo, muone poyambira, mulumphe mufike pakati, mulumphenso mufike chakumapeto, mukuyang'ana ngati milomo ikugwirizana ndi mawu. Ndipo MKV yoyambirira ija musaifufute kufikira mwini ukwati atakuuzani kuti kunyumba yasewera.